Mbiri ya Ntchito Yopanda Manyazi

Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Moteronso mmisiri waluso amaphonya mwayi ngati mbiri yake ya ntchito ili yozizira.

Tiyerekeze makaniko wa pa doko la Monkey Bay, pamene sitima ya Ilala imayambira ulendo wake. Iye walemba kuti: "Ndine munthu wolimbikira ndi wokhulupirika." Mawuwa ndi abwino, koma mphunzitsi wa ku Mangochi kapena msodzi wa ku Chembe angathe kulembanso chimodzimodzi. Chiganizo choyenera munthu aliyense sichidziwitsa mwini wake, choncho chichotsedwe.

Pokonza mbiriyo, makanikoyo ayambe ndi kutchula luso lake lenileni. Kenaka anene kumene wagwira ntchito ndi zaka zake. Pomaliza atchule chinthu chimodzi chimene anachita ndi phindu lake. Mbiriyo tsopano ingamveke motere: "Ndine makaniko wa injini za dizilo za m'sitima. Ndagwira ntchito zaka 8 ku Monkey Bay. Ndinakonza injini ya bwato la usodzi imene inali itaima mwezi wathunthu, ndipo bwatolo linabwerera panyanja patatha masiku 5."

Apa sanadzitame konse; ntchito zake zamulankhulira. Komabe achenjere. Ngati injiniyo anaikonza ndi anzake, alembe kuti "tinakonza", ndipo afotokoze mbali imene iye anagwira. Pagombe anthu amadziwana, ndipo wofuna kumulemba ntchito sachedwa kufunsa kwa kapitawo wake wakale.