Kujambula vidiyo ya paukwati ndi foni yokha

Akwati akamalowa m'holo, mafoni amakwera m'mwamba mbali zonse. Koma vidiyo zambiri zikafika pa WhatsApp zimachititsa chizungulire: chithunzi chikugwedera, mutu wa mkwati waduka, denga ndilo likuoneka bwino. Kawirikawiri vuto si foni ayi, koma kagwiridwe kake.

Foni ndi yopepuka, choncho dzanja likangonjenjemera pang'ono, vidiyo nayo imanjenjemera. Mkono wotambasula ndiye umatopa msanga. Igwireni ndi manja awiri, zigongono zitsamire nthiti zanu, foniyo ikhale pafupi ndi thupi. Imani chotangadza pang'ono, mawondo opindikako, ndipo muzipuma modekha. Pakakhala chipilala kapena khoma, litsamireni.

Chimene chimaononga vidiyo zambiri ndi kukoka chithunzi ndi zala kuti anthu aoneke pafupi. Pa mafoni ambiri, kuteroko kumangokulitsa kachigawo ka chithunzi, ndipo kugwedera kumakula nako limodzi. Pa 4x, kunjenjemera kwa dzanja kumaoneka kokula kanayi, nkhope nazo zimachita mbuu. Siyani pa 1x, musendere ndi mapazi.

Ndiye musanayambe, sankhani poima. Khalani m'mbali mwa kanjira kamene akwati adutse, chakutsogolo kwawo, iwo azibwera kwa inu. Akamadutsa, musawatsatire ndi manja. Tembenukani m'chiuno pang'onopang'ono, zigongono zili pomwepo. Khomo la holo likakhala kumbuyo kwawo, kuwala kwa panja kumadetsa nkhope. Dinani pankhope ya mkwatibwi pasikirini kuti kamera iyeze kuwala pamenepo, kapena sunthani kuti khomolo lichoke m'chithunzi.

Mu Settings ya kamera fufuzani Grid. Mukaiyatsa, pamabwera mizere iwiri yoimirira ndi iwiri yopingasa, yogawa sikirini m'timabokosi 9. Mizereyi siituluka m'vidiyo. Maso a akwati akhale pamzere wopingasa wa m'mwamba. Mukatero mutu suduka, komanso pamwamba pawo sipatsala malo ambiri opanda kanthu. Ngati akuyenda cha kumanja, aikeni pamzere woimirira wa kumanzere kuti kutsogolo kwawo kukhale mpata. Mizere yomweyi imakuuzani ngati foni yapendekeka: iyerekezeni ndi m'mphepete mwa zenera kapena mwa tebulo la keke.

Kuimika foni kapena kuigoneka, ganizani musanadine batani lojambulira. Yoimika imakwanira anthu awiri kuyambira kumutu mpaka kunsapato, ndipo imayenera pa Status. Yogoneka ndiyo imatenga mzere wonse wa operekeza akwati, ndipo imadzaza TV. Mukaitembenuza muli pakati pojambula, mbali yotsalayo anthu adzaionera chopendeketsa khosi.

Chilichonse chimene mwaloza, khalani nacho masekondi 10 musanasunthe. Pa pelekanipelekani m'pamene izi zimavuta, chifukwa maso amafuna kuthamangira aliyense woponya ndalama. Lozani pamene pali akwati ndi lichero, ovinawo azilowa ndi kutuluka okha m'chithunzi.