Malipilo a miyezi 24 amafunika kudyetsa miyezi 28

Anzanga a m'mabasi, ambili a ife pano pa Lusaka timagwila nchito za kontilakiti. Zaka ziwili zikatha, ena amawonjezeledwa, ena amauzidwa kuti "tidzakuitanani". Koma alandilodi sadziwa zimenezo, pa 1 afika ndithu pakhomo. Ndiye ine ndikamawelengela malipilo, sindiyang'ana cabe za pa pesilipi. Ndimafunsa kuti ndalamayi idzafunika kundidyetsa miyezi ingati.

Tiyeni titenge citsanzo ca munthu wolandila K5,000 pamwezi, besiki K3,000 ndipo K2,000 ndi ma alawansi a nyumba ndi thilansipoti. NAPSA itenga 5 pelesenti, ndiye K250. NHIMA itenga 1 pelesenti ya besiki, K30. Msonkho wa PAYE sumukhudza, pakuti kuyambila mu 2024 K5,100 yoyamba pamwezi ilibe msonkho. M'thumba mulowa K4,720.

Manje tinene kuti kontilakiti yatha, ndipo apeza nchito ina patapita miyezi inayi. Ndalama ya miyezi 24 yafunika kufika miyezi 28. Mukagawa, mupeza kuti malipilo ake eni-eni ndi K4,000 ndi kapamwamba pang'ono. Iyi ndiye nambala yoyenela kuganizila posankha nyumba ya lendi kapena potenga nkhongole. Amene apangila moyo wake pa K4,720 yonse, mwezi woyamba wopanda nchito amathamangila kaloba.

Nanga tisunge zingati? Ine sindikonda malangizo akuti sungani theka la malipilo. Munthu wokwela mabasi awili tsiku lililonse, kucoka ku Kanyama kupita m'tauni ndi kupitilila, sangakwanitse, ndipo akalephela mwezi umodzi amangosiyilatu. Yambani ndi kuwelengela mwezi wouma: lendi, unga, ndiwo, malasha, malaiti, madzi, ndi ya basi yokasakila nchito. Tinene kuti zonse pamodzi ndi K3,500. Miyezi inayi ndi K14,000. Colinga ndi cimeneco.

Mbali ina idzacokela ku gilacuwiti. Lamulo la nchito la 2019 likuti kontilakiti yaitali ikatha, wanchito alandile zosacepela 25 pelesenti ya besiki imene walandila nthawi yonseyo. Kwa mnzathu uyu ndi K18,000. Yokwana bwino, koma ili ndi mavuto awili. Loyamba, mabwana ena amacedwa kulipila, pomwe njala siyembekeza. Laciwili, ikabwela pamodzi imaoneka monga mphatso, ndipo abululu amamva msanga. Conco sungani yanu-yanu pambali. K300 pamwezi kwa zaka ziwili ndi K7,200, cakudya ndi lendi ya miyezi iwili poyembekezela gilacuwiti. Icotseni tsiku lomwe mwafola, isanasakanizike ndi ya ndiwo.

Cilimba n'cabwino pogula filiji kapena kulipila sukulu, koma si nkhokwe ya masiku opanda nchito. Nchito ingathe pamene si nthawi yanu yolandila, ndipo ngati munalandila kale, anzanu adzafunabe kuti muziponya.

Pa nkhani yopempha malipilo, funsani besiki, osati ndalama yonse cabe. Anthu awili angalandile K5,000 onse, koma wa besiki ya K4,000 adzatenga gilacuwiti ya K24,000, mnzake K18,000. Ndipo musayembekezele kuti malipilo azikwela caka ndi caka monga masitepe. Mukakhala pakhomo nthawi yaitali, nchito yotsatila ingabwele ndi ndalama yocepelako. Ikakwanitsa mwezi wouma uja ndipo bwana alipila NAPSA, ine ndinganene kuti itengeni, muzisakila ina muli mkati.

Cifukwa cake n'cakuti NAPSA imawelenga miyezi imene mwaponya, osati zaka zimene mwakhala m'tauni. Kuti mudzalandile penshoni ya mwezi ndi mwezi pafunika miyezi 180, ndiye zaka 15. Kwa munthu amene amakhala miyezi inayi pakhomo pakatha zaka ziwili zilizonse, zaka 15 zimenezo zifika pafupifupi 17 ndi theka. Muzipempha sitetimenti yanu kamodzi pacaka. Mukaona mwezi umene anakudulani pa pesilipi koma ku NAPSA kulibe, funsani mukali pa nchitopo, cifukwa kampani ikatseka kulondola kumavuta.

Kuyambila mu 2023, amene waponya miyezi 60 kapena wafika zaka 45 angatengeko 20 pelesenti ya ndalama zake. Mwayiwu ndi wa kamodzi cabe, ndipo umacepetsa za ku ukalamba. Musauike pa bajeti ya miyezi inayi ija.

Madzulo ano mukatsika basi, tengani pepala mulembe manambala atatu: besiki yanu, mtengo wa mwezi wouma, ndi miyezi imene munakhala pakhomo ulendo watha. Ndalama yosunga pamwezi icokele pa manambala amenewo.