Kachidutswa Komweko, Matenda Awiri

Ana awiri akhoza kubadwa akusowa kachidutswa kofanana pa kiromosomu ya nambala 15, koma n'kudwala matenda osiyana kotheratu. Wina amabadwa wofooka minofu, kuyamwa kumamuvuta, koma akamasinkhuka amagwidwa ndi njala yosatha, moti makolo amachita kutsekera chakudya ndi loko. Amenewa ndi matenda a Prader-Willi, omwe madokotala a ku Zurich anawafotokoza mu 1956. Winayo salankhula, amayenda mopepesuka, amagwa khunyu ndipo amaseka pafupipafupi. Awa ndi matenda a Angelman, omwe dokotala Harry Angelman wa ku England anawafotokoza mu 1965. Chosiyanitsa n'chimodzi basi: mwana woyambayo, kiromosomu yoperewerayo anaitenga kwa bambo ake, wachiwiriyo anaitenga kwa mayi ake.

Munthu amalandira majini awiriawiri, ina kwa mayi, ina kwa bambo, ndipo ambiri mwa majiniwa amagwira ntchito onse awiri. Koma pali kagulu kochepa komwe jini imodzi imakhala yozimitsidwa. Pamene dzira kapena umuna ukupangidwa, timamolekyu totchedwa methilo timamatidwa pa malo ena a majini ngati chidindo chosonyeza kholo. Uthenga wa m'jini susintha, koma chidindocho chimalamula ngati thupi liuwerenge kapena ayi.

Tengani jini ya UBE3A. M'maselo a muubongo, ya kwa bambo imakhala chete, ya kwa mayi ndiyo imagwira ntchito. Ya kwa mayiyo ikasowa kapena ikawonongeka palibe yolowa m'malo, ndipo mwana amadwala Angelman. Moyandikana nayo pali majini ena omwe ogwira ntchito ndi a kwa bambo okha. Amenewo akasowa, mwana amadwala Prader-Willi. Ndiponso mwana amene watenga makiromosomu 15 onse awiri kwa mayi amadwalabe Prader-Willi, ngakhale palibe kachidutswa katayika.

Chomwe chimasokoneza mabanja n'chakuti chidindochi chimafufutidwa n'kudindidwanso m'badwo uliwonse. Bambo wina apatsire mwana wake wamkazi UBE3A yowonongeka. Mtsikanayo amakula bwinobwino, popeza jini ya kwa bambo inali yozimitsidwa kale. Koma iye akadzabereka, jini yomweyo imapita kwa ana ake ngati ya kwa mayi, ndipo pa mimba iliyonse pamakhala theka la mpata woti mwana adwale Angelman. Kuloza chala mayiyo n'kulakwa: vutolo analitenga kwa bambo ake, ndipo panalibe chizindikiro chomuchenjeza. Komabe mabanja otere ndi ochepa. Mwa odwala matenda awiriwa, pafupifupi 70 mwa 100 alionse kachidutswa kamangoduka mwangozi, makolo onse ali bwino.

Kungoona makiromosomu pa maikulosikopu nthawi zambiri sikuonetsa vutoli. Pamafunika kuyeza magazi mwapadera kuti aone zidindo za methilo pa kiromosomu 15. Zikapezeka za mayi zokha, ndi Prader-Willi. Zikapezeka za bambo zokha, ndi Angelman.