Mmene mungakulitsire chithunzi cha gemu yakale popanda chimbuuzi

Sikirini ya Game Boy, kachipangizo kamagemu kamene kampani ya Nintendo inatulutsa mu 1989, inali ndi timadontho 160 m'lifupi ndi 144 kuchoka pamwamba kufika pansi. Timadonthoti, timene akatswiri amati mapikiselo, tinkaoneka m'mitundu inayi yokha, kuyambira wowala mpaka wakuda. Wojambula ankaika kadontho kalikonse mwadala, moti diso la kamunthu ka m'gemu nthawi zina limakhala kadontho kamodzi kapena tiwiri basi. Chithunzi choterechi mukachitsegula pa kompyuta ya masiku ano chimangooneka kakang'onong'ono pakona, ndipo mukachikoka kuti chikule chimachita chimbuuzi.

Vuto limachokera pa mmene pulogalamu imadzazira malo atsopano. Mapulogalamu ambiri anakonzedwa poganizira zithunzi za kamera, choncho akamakulitsa amasakaniza mitundu ya timadontho toyandikana. Pakati pa kakuda ndi koyera amaikapo totuwa. Pankhope ya munthu zimenezi n'zabwino, koma pa chithunzi cha gemu zimafafaniza m'mphepete mwa chilichonse. Njira yoyenera ndi yongokopera: kadontho katsopano kalikonse katenge mtundu wa kadontho kakale komwe kali pafupi nako, osasakaniza kanthu. Mu GIMP mumapita pa Image, kenako Scale Image, n'kusankha None pamene palembedwa Interpolation. Mu Photoshop njira yomweyo imatchedwa Nearest Neighbor.

Komatu kusankha njirayi pakokha sikukwanira. Muyeneranso kuchulukitsa ndi nambala yathunthu, monga 2, 3 kapena 7, osati yokhala ndi theka.

Tiyerekeze kuti mukufuna kuonetsa chithunzi cha Game Boy pa sikirini ya 1920 kwa 1080. Mukagawa 1080 ndi 144 mumapeza 7.5. Theka la pikiselo kulibe, ndiye pulogalamu ikakamizika kupatsa mzere wina mapikiselo 7, wotsatira 8, winanso 7, mpaka pansi. Zili ngati mmisiri woyala matailosi osafanana kukula: munthu sangaloze msanga pamene palakwika, koma diso limaona kuti china chake sichili bwino. Zilembo zimatuluka mwendo wina wonenepa wina woonda, ndipo ngati ndi kanema, makoma ndi udzu zimanyezimira chithunzi chikamayenda.

Choyenera n'kutaya thekalo n'kutenga 7. Pamenepo 160 imakhala 1120, ndipo 144 imakhala 1008. Kadontho kalikonse kasanduka kabokosi ka mapikiselo 7 mbali zonse. Pamwamba ndi pansi patsala mapikiselo 36 mbali iliyonse, kumanzere ndi kumanja 400. Malo amenewa asiyeni akuda. Anthu ambiri sapirira kuona mpata wotsala, ndipo kufuna kudzaza sikirini yonse ndi kumene kumaononga zithunzi zambiri.

Amene ali ndi ImageMagick angachite zonsezi ndi mizere iwiri:

```
magick gemu.png -scale 700% chachikulu.png
magick identify -format "%k" chachikulu.png
```

Mzere wachiwiriwo umawerenga mitundu imene ili m'chithunzi. Ngati choyambirira chinali ndi mitundu inayi, chachikulunso chiyenera kukhala ndi inayi yomweyo. Mukapeza makumi kapena mazana, dziwani kuti pena pake pasakanizidwa. Kawirikawiri wolakwa amakhala JPEG, amene pofuna kuchepetsa fayilo amasiya tizinyalala m'mphepete mwa mizere yakuthwa. Sungani ngati PNG. Onetsetsaninso kuti mwayambira pa chithunzi cha kukula kwake kwenikweni. Chimene wina anachikoka kale kufika 500 kwa 450 n'choonongeka, ndipo kuchichulukitsa ndi nambala yathunthu kungokulitsa zilema zake.

Si magemu onse akale amene timadontho tawo tinali tofanana mbali zonse. Doom ya mu 1993 inkajambulidwa pa 320 kwa 200, koma masikirini a nthawiyo ankatambasula chithunzicho kuti chidzaze galasi la muyezo wa 4:3, moti kadontho kalikonse kankatalika 1.2 poyerekeza ndi m'lifupi mwake. Mukachulukitsa mbali zonse ndi 5 mumapeza 1600 kwa 1000, chithunzi chakuthwa ndithu koma chophwatalala, zilombo zake zikuoneka zazifupi ndi zonenepa kuposa mmene osewera ankazionera. Apa mumagwiritsa ntchito manambala athunthu awiri osiyana: 5 m'lifupi, 6 kutalika. Zotsatira zake ndi 1600 kwa 1200, zomwe ndi 4:3 ndendende, ndipo timabokosi tonse n'tofanana ngakhale tili totalikirapo. Chovuta n'chakuti 1200 sikwana pa sikirini ya mizere 1080. Pamenepo muyenera kusankha nokha pakati pa timadontho takuthwa ndi maonekedwe enieni a zilombozo.