Masamba osikana akatuluka chadodolido

Sikana sidziwa kumutu kapena kumiyendo kwa pepala. Imangojambula monga mmene pepalalo lagonera. Pambali pa galasi lake pamakhala kachizindikiro, kawirikawiri kamuvi, kosonyeza ngodya imene pepala liyenera kugunda. Mutu wa pepala ukaloza kolakwika, tsamba limatuluka chadodolido, ndipo pepala lolembedwa mopingasa, monga ndandanda ya malipiro, limatuluka cham'mbali. Foni nayo imasokonezeka ikagwiridwa chogona pamwamba pa tebulo, chifukwa kachipangizo kamene kamaiuza ngati yaimirira kapena yapingasa kamasowa poyezera.

Mmene masamba alakwikira zimaulula gwero la vuto. Chikalata cha masamba 6 cholembedwa mbali zonse chikadutsa m'makina okoka okha mapepala, n'kupezeka kuti masamba 1, 3 ndi 5 ali bwino koma 2, 4 ndi 6 azondoka, sikuti mapepala anaikidwa molakwika ayi. Makinawo anauzidwa kuti pepala limatembenukira kufupi kwake, ngati kalendala ya pakhoma, pamene limatembenukira m'litali ngati buku. Pa sikana zambiri malamulo awiriwa amalembedwa kuti `Short edge` ndi `Long edge`, ndipo kusankha lachiwirili n'kusikananso kumathetsa vutolo.

Ngati mapepala palibenso, fayilo ya PDF ndiyo imakonzedwa, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Lamulo la `Rotate View` mu Adobe Acrobat Reader, ngakhalenso kabatani kozungulitsira mu Chrome, zimangosintha maonekedwe pa kompyuta ya wowerengayo. Fayilo yeniyeniyo sisintha, choncho wolandira amaipeza ili chizondokere.

Kukonza kokhazikika kumafuna pulogalamu yosintha tsamba lenilenilo, monga PDF Arranger kapena NAPS2, zomwe ndi zaulere. Pa chikalata chija, munthu amasankha masamba 2, 4 ndi 6 okha n'kuwazungulitsa madigiri 180, kapena kawiri madigiri 90 mbali imodzimodzi. Akasankha onse, abwino aja ndi amene amazondoka. Tsamba logona cham'mbali limafuna madigiri 90 basi: mutu wake ukaloza kumanzere, limazungulitsidwira kumanja. Kenako fayilo imasungidwa ndi dzina latsopano kuti yoyamba ikhalepobe zinthu zikalakwika. Kuzungulitsa kotereku sikuwongola tsamba longopendekeka pang'ono. Limenelo limafuna lamulo lina, la `Deskew`, kapena kusikanidwanso.

Asanatumize pa imelo kapena pa WhatsApp, wotumiza ayenera kutseka fayiloyo, kuitsegulanso, makamaka pa foni kapena m'pulogalamu ina, ndi kuyang'ana masamba onse mpaka lomaliza. Akaoneka oongoka kumeneko, ndiye kuti kusinthako kwalowadi m'fayilo, ndipo wolandira adzawaona chimodzimodzi.