Maminitsi a bungwe: kusayina ndi kusunga

Bungwe lolembetsedwa ku boma likasankha msungichuma watsopano, a kubanki samulola kusayina macheke pongomva kuti anasankhidwa. Amafuna maminitsi a msonkhano umene unamusankhawo, osayinidwa ndi wapampando ndi mlembi. Apa ndi pamene makomiti ambiri amatulukira kuti buku linapita ndi mlembi wakale, kapena masamba ake anadyedwa ndi chiswe.

Kodi maminitsi asungidwe zaka zingati? Poyambira ndi malamulo oyendetsera bungwe lanulo komanso lamulo limene munalembetsera, chifukwa bungwe la matrasti ndi bungwe lolembetsedwa ngati kampani satsata lamulo limodzi. Amalawi okhala ku Britain amene analembetsa bungwe lawo ngati kampani amalamulidwa kusunga maminitsi zaka zosachepera 10. Kuno kwathu ndi bwino kuwerengera nthawi imene munthu ali nayo yokasuma kukhoti: zaka 6 pa nkhani ya mgwirizano, zaka 12 pa nkhani ya malo. Ngati komiti inagwirizana zogula puloti mu 2018, mkangano wa pulotiyo ungabuke anthu onse amene anali pamsonkhanowo atachoka pa maudindo, ndipo mboni yotsala idzakhala pepala lija. N'chifukwa chake ine ndimati maminitsi a msonkhano waukulu wa pachaka, osintha malamulo, osankha atsogoleri ndi ogula katundu asatayidwe bungwe likadalipo.

Kasungidwe kake sikafuna ndalama zambiri. Lembani m'buku losokedwa, masamba ake akhale ndi manambala, kuti tsamba likang'ambidwa zionekere. Mukalakwitsa musafute, dulani mzere umodzi, mawu akalewo aziwerengekabe, wapampando asayine pambali. Bukulo likhale mu kabati yachitsulo yokiya, yosagunda khoma lachinyontho. Mukangosayina jambulani masamba onse, muwasunge ngati PDF malo awiri, monga pa fulashi ndi pa imelo ya bungwe. Imelo ya mlembi siyenera, pakuti tsiku limene adzachoke adzapita ndi pasiwedi.

Lamulo la 2016 lokhudza zochitika za pa intaneti linavomereza siginecha ya pakompyuta ku Malawi. Koma kumata chithunzi cha siginecha pa chikalata ndi umboni wofooka, poti aliyense amene ali nacho chithunzicho angachimate paliponse. Siginecha yodalirika imaonetsa amene wasayina ndi tsiku lake, ndipo wina akasintha ngakhale nambala imodzi, pulogalamu yotsegulira PDF imachenjeza kuti chikalatacho chasinthidwa chisayinireni. Umboni umenewu uli m'failo momwemo; pepala losindikiza silinyamula, choncho failoyo isafufutidwe.

Maminitsi ayambe avomerezedwa pa msonkhano wotsatira, kenako asayinidwe. Ndipo musanasiye cholembera, funsani banki yanu ngati imalandira siginecha yotereyi, chifukwa ena amafunabe inki ndi chidindo.