Pulogalamu ikayenda kawiri, manambala asasinthe

Lipoti la malonda limene bwana amalipeza pa kompyuta m'mawa nthawi zambiri silichokera m'malisiti mwachindunji. Malisiti amakhala ambirimbiri, ndipo kuwawonkhetsa nthawi iliyonse munthu akatsegula lipoti kungachedwetse ntchito. N'chifukwa chake makampani ambiri ali ndi pulogalamu imene imadzuka yokha usiku, n'kuwonkhetsa malisiti a dzulo, n'kulemba zotsatira zake m'tebulo lachidule. Lipoti limawerenga tebulo limeneli. Zonse zimayenda bwino mpaka usiku umene pulogalamuyo yayenda kawiri.

Tiyerekeze kampani ya masitolo atatu. Pa 14 Malichi sitolo yoyamba yagulitsa katundu wa K2,400,000, yachiwiri wa K1,750,000, yachitatu wa K900,000. Zonse pamodzi ndi K5,050,000. Pakati pa usiku pulogalamu yayamba ntchito, ikulemba sitolo imodziimodzi. Yalemba yoyamba, yalemba yachiwiri, kenako netiweki yaduka. Makina oyang'anira ntchito zausiku aona kuti zalephereka, ndiye aiyambitsanso monga anawauzira. Ulendo uno yalemba masitolo onse atatu. M'mawa lipoti likuti malonda a dzulo ndi K9,200,000.

Nambalayi si K10,100,000, imene aliyense akanaiona kuti ndi malonda a tsikulo kawiri. Masitolo awiri awerengedwa kawiri, imodzi kamodzi. Nambala yotere imaoneka ngati ya tsiku limene malonda anangoyenda bwino, ndipo munthu angaitanitse katundu wochuluka poikhulupirira.

Ena amati mankhwala ake n'kuonetsetsa kuti pulogalamu isayendenso kawiri. Zimenezi sizitheka. Nthawi zina pulogalamu imamaliza kulemba bwinobwino, koma uthenga wakuti yamaliza n'kutayika m'njira, ndipo makina oyang'anira sangasiyanitse zimenezi ndi kulephera kwenikweni. Palinso wogwira ntchito amene amafika m'mawa, n'kuona lipoti lachedwa, n'kudina batani loyambitsa osadziwa kuti mnzake wadina kale. Kubwereza kudzachitika basi. Chimene tingasankhe ndi zimene pulogalamu ichite ikabwerezedwa.

Vuto lagona pa lamulo limene pulogalamuyo ikutsatira. Ikuti "onjezera malonda a dzulo pa zimene zilipo." Lamulo lotere likaperekedwa kawiri limaonjezera kawiri. Tiyenera kulisintha kuti likhale lakuti "malonda a 14 Malichi akhale akutiakuti." Lachiwirili mukhoza kulibwereza kakhumi, yankho n'kukhala lomwelo, chifukwa ulendo uliwonse likuwerenga kuchokera ku malisiti, osati kumanga pamwamba pa zimene linalemba kale.

Njira yosavuta yochitira izi ndi kufufuta mizere yonse ya tsikulo, kenako kuilemba mwatsopano. M'nkhokwe ya deta ngati PostgreSQL zimaoneka motere:

```sql
BEGIN;
DELETE FROM chidule WHERE tsiku = '2024-03-14';
INSERT INTO chidule (tsiku, sitolo, ndalama)
SELECT tsiku, sitolo, SUM(ndalama)
FROM malisiti WHERE tsiku = '2024-03-14'
GROUP BY tsiku, sitolo;
COMMIT;
```

Mawu awiri aja, `BEGIN` ndi `COMMIT`, amamanga kufufuta ndi kulemba kukhala chinthu chimodzi: zichitike zonse, apo ayi pasachitike kanthu. Netiweki ikaduka pakati, nkhokwe imabweza zonse mmene zinalili. Popanda iwo, pulogalamu ikhoza kufa itangofufuta, lipoti n'kuonetsa kuti tsikulo palibe chimene chinagulitsidwa. Koma mawu awiriwa paokha sakwanira. Mukamanga nawo lamulo loonjezera lija, n'kuliyendetsa kawiri mpaka kumapeto, malonda awerengedwa kawiri ndithu. Chimene chikuteteza ndi mzere wofufuta uja.

Taonaninso kuti deti lalembedwa lenileni. Pulogalamu imene imadziwerengera yokha "dzulo" poyang'ana wotchi imasokonezeka ikabwerezedwa mochedwa: ntchito ya pa 14 mukaiyambitsanso patapita masiku awiri, ikonza za tsiku lina, za pa 14 n'kutsala zosakonza. Deti liziperekedwa kwa pulogalamu poiyambitsa, kuti aliyense wofuna kukonza tsiku lakale angolitchula.

Pali mpata umodzi umene watsala, ndipo ambiri sauona. Bwanji anthu awiri aja akadina batani nthawi imodzi, tsikulo lisanalembedwepo n'komwe? Pulogalamu iliyonse ifufuta, osapeza chofufuta, kenako iliyonse ilemba mizere yake itatu. Mizere yakwana isanu ndi umodzi. Apa nkhokweyo iyenera kuuzidwa kuti sitolo imodzi pa tsiku limodzi imakhala ndi mzere umodzi wokha:

```sql
ALTER TABLE chidule ADD UNIQUE (tsiku, sitolo);
```

Zikatero, pulogalamu yachiwiri imadikira yoyamba imalize, kenako imakanidwa ndi uthenga wakuti mzerewo ulipo kale. Kukanidwa koteroko n'kwabwino. Kumamveka, munthu n'kukuona, pomwe nambala yolakwika imadutsa mwakachetechete.

Lamulo lomweli limatsegula njira yachiwiri. Kuyambira PostgreSQL 9.5, imene inatuluka mu 2016, pali `INSERT ... ON CONFLICT DO UPDATE`, kutanthauza kuti mzere ukakhala ulipo kale usinthidwe m'malo molemba wina. MySQL ili ndi `ON DUPLICATE KEY UPDATE`, yogwira ntchito yofanana. Msampha wake uli pa kalembedwe. Mukalemba `SET ndalama = EXCLUDED.ndalama` ndiye kuti nambala yatsopano yalowa m'malo mwa yakale. Mukalemba `SET ndalama = chidule.ndalama + EXCLUDED.ndalama` mwabwezeretsa vuto lija, ndipo tsopano labisala kwambiri chifukwa mizere siichuluka, ndalama zokha ndi zimene zikufufuma. Njirayi ilinso ndi malire: sichotsa mzere umene suyeneranso kukhalapo. Ngati malisiti onse a sitolo yachitatu apezeka kuti anali a tsiku lina n'kusamutsidwa, K900,000 ija ikhalabe pa 14 Malichi. N'chifukwa chake pa tebulo lachidule la tsiku ndi tsiku, ine ndimaona kuti kufufuta n'kulemba mwatsopano ndiko kwabwino.

Pulogalamu ikakhala yosaopa kubwerezedwa, mumapeza phindu lina. Sitolo yakutali imene netiweki imavuta ikhoza kutumiza malisiti ake mochedwa. M'malo mokonza dzulo lokha, pulogalamu ikhoza kumakonzanso masiku atatu kapena asanu ndi awiri apitawo usiku uliwonse, malisiti ochedwawo n'kulowa pamalo pake. Chenjezo n'lakuti zonsezi zikudalira kuti malisiti enieniwo asalowe kawiri. Lisiti lililonse likhale ndi nambala yake, ndipo tebulo la malisiti likane nambala imene ilimo kale. Komanso zimene zatuluka kunja kwa nkhokwe, monga uthenga wapafoni wopita kwa bwana kapena ndalama zolipidwa kwa wogulitsa, sizifufutika. Zimenezo zimafuna kaundula wake wosonyeza kuti za tsiku lakutilakuti zatumizidwa kale.

Ngati mukukayikira tebulo limene muli nalo lero, funsani nkhokwe ikuonetseni masiku ndi masitolo okhala ndi mizere yoposa umodzi, pogwiritsa ntchito `GROUP BY tsiku, sitolo HAVING COUNT(*) > 1`. Pakapanda kutuluka kanthu musafulumire kusangalala: wonkhetsani malisiti a masiku angapo, muyerekeze ndi zimene chidule chikunena, popeza ndalama zofufuma m'mzere umodzi zimangopezeka motero. Ndipo musanalandire pulogalamu yatsopano kwa amene wakulemberani, muuzeni aiyendetse kawiri pa deti limodzi inu mukuona, kenako aidule pakati n'kuiyambitsanso. Ikasintha ngakhale tambala imodzi, musailandire.